Kalata Yopempha Chithandizo cha Mwana pa Mayeso

Chaka ndi chaka, nyengo ya mayeso ikayandikira, pamabenchi a zipatala zathu pamapezeka makolo amene agwira njakata. Wina mwana wake wagwa panjinga nathyoka dzanja lolembera. Wina mwana wake sawona bwino zilembo zing'onozing'ono. Winanso ali ndi mwana wanzeru ndithu poyankha pakamwa, koma amene tsamba limodzi lokha limamtengera nthaŵi yaitali kuti aliŵerenge. Ana otereŵa angathe kupemphedwera chithandizo chapadera m'chipinda cha mayeso. Koma pempho lotere limayenda pa kalata, ndipo kalata yolembedwa mosalongosoka ingathe kumtayitsa mwana chaka chathunthu.

Mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Bungweli limakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a zilembo za anthu osawona, ndiponso limapereka nthaŵi yowonjezera kwa ana amene akuisoŵa. Kholo lisathamangire ku Zomba. Khomo loloŵera ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pamene mwanayo analembetsa mayeso, ndipo iyeyo ndiye amapititsa nkhaniyo kwa akuluakulu a maphunziro ndi ku bungwe la mayeso. Inu mungathe kumlembera m'Chicheŵa. Iye adzalemba yakeyake m'Chingerezi, koma mfundo adzazitenga m'kalata yanu.

Woŵerenga kalata sanamuwonepo mwana wanu

Ichi ndicho chinthu choyamba kuchikumbukira. Munthu amene adzagamula nkhaniyi sadziŵa nkhope ya mwanayo, ndipo patebulo pake pali makalata enanso ambiri. Makolo ambiri amadzaza pepala ndi madandaulo: kuti ndife osauka, kuti mwanayu ndiye chiyembekezo chathu, kuti mutichitire chifundo. Zonsezi zingakhale zowona, koma sizimuuza woŵerengayo choti achite. Ena amangotchula dzina la matenda n'kulekera pomwepo, monga kuti "mwana wanga anathyoka". Kodi anathyoka pati? Mwana wothyoka mwendo amalemba bwinobwino, ndipo chimene akusoŵa ndi malo otambasulirapo mwendowo. Mwana wothyoka dzanja lolembera vuto lake ndi linanso.

Tsono kalata yabwino imayankha mafunso atatu. Kodi nchiyani chimene mwanayu sangathe kuchita m'chipinda cha mayeso? Kodi ndani wachitira umboni zimenezo? Nanga mukupempha chiyani kwenikweni?

Chitsanzo cha mwana wothyoka dzanja

Tiyerekeze kuti mtsikana wa Sitandade 8 wagwa poseŵera mpira, nathyoka fupa la pafupi ndi chikhatho cha dzanja lamanja, kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe. Kuchipatala am'manga chikhakha ndipo anena kuti chidzakhala milungu isanu ndi umodzi. Apa ziŵerengero zikulankhula zokha: tsiku la mayeso lidzampeza adakali m'chikhakha. Ndipo ngakhale chikhakha chitachotsedwa, dzanja limakhala lolimba ndi lofooka kwa masiku angapo, kotero simungadalire kuti adzalemba monga kale.

Musanachoke pachipatala, pemphani dokotala amene wamuwona kuti akulembereni kalata yapadera. M'kalatamo mukhale dzina la mwana, dzanja limene lathyoka, tsiku limene chikhakha chinamangidwa, tsiku limene chikuyembekezeka kuchotsedwa, ndiponso mawu onena poyera kuti mwanayo sangathe kugwira cholembera ndi dzanjalo. Pakhale dzina la dokotalayo, siginecha yake ndi chidindo cha chipatala. Musapereke kusukulu kabuku ka kuchipatala ka mwana. M'menemo muli mbiri ya matenda ena amene sakukhudzana ndi mayeso, ndipo imeneyo ndi chinsinsi cha mwanayo. Komanso kabukuko mudzakafuna pa tsiku lobwerera kuchipatala.

Umboni wachiŵiri ndi wa mphunzitsi wa kalasi lake. Mpempheni kuti apatse mwanayo ndime ya mawu 100 kuti akopere ndi dzanja lamanzere, iye akuyang'ana wotchi. Tinene kuti anzake aimaliza m'mphindi 6, koma iye watenga mphindi 20 ndipo zilembo zake sizikuŵerengeka. Pepala limenelo lisungidwe, mphunzitsi alembepo tsiku ndi mphindizo. Muyeso umenewu ndiwo ukusonyeza chimene muyenera kupempha. Akadakhala kuti amalemba zoŵerengeka koma mochedwerapo pang'ono, nthaŵi yowonjezera ikadakwanira. Koma pamene zilembo sizikuŵerengeka, ngakhale mutamuwonjezera ola lathunthu, wochonga sadzaŵerenga kanthu. Choncho pempho loyenera ndilo la munthu womlembera.

Kalatayo ingathe kukhala motere, pamwamba mutalemba keyala yanu ndi tsiku:

*Kwa Mphunzitsi Wamkulu,*

*PEMPHO LA CHITHANDIZO CHAPADERA PA MAYESO A SITANDADE 8*

*Ine ndine mayi wa Uje, wa m'Sitandade 8 pasukulu panu, amene nambala yake ya mayeso ndi yakuti. Pa tsiku lakuti, mwanayu anathyoka dzanja lamanja, limene amalembera. Ali m'chikhakha, ndipo adokotala anena kuti chidzachotsedwa patapita milungu isanu ndi umodzi, mayeso atatha kale.*

*Pakali pano sangathe kugwira cholembera ndi dzanja lamanja. Aphunzitsi ake atamuyesa ndi lamanzere, anatenga mphindi 20 kukopera mawu 100 amene anzake anakopera m'mphindi 6, ndipo zolembazo sizikuŵerengeka. Amawona, amamva ndi kulankhula bwinobwino, ndipo angathe kukhala pampando nthaŵi yonse ya mayeso.*

*Chifukwa cha ichi ndikupempha zinthu zitatu pa mapepala onse. Choyamba, munthu wosankhidwa ndi oyendetsa mayeso woti azilemba zimene mwanayu akunena. Chachiŵiri, chipinda chapadera, kuti poyankha asasokoneze anzake. Chachitatu, nthaŵi yowonjezera monga mwa malamulo a mayeso, popeza kunena ndi kuŵerengeredwa zimene zalembedwa kumadya nthaŵi.*

*Ndaphatikiza kalata ya adokotala ndi pepala limene anayesedwerapo. Chonde pititsani pempholi ku bungwe la mayeso, ndipo mundidziŵitse yankho mayeso asanayambe. Ine wanu, mayi wa Uje.*

Tawonani mmene kalatayi yayendera. Nambala ya mayeso ili m'chiganizo choyamba, pakuti ana a maina ofanana ndi ambiri, ndipo ku bungwe mwana amadziŵika ndi nambala. Yanenanso zimene mwanayo angathe kuchita, zimene zikusonyeza kuti njira yonena pakamwa ingagwire ntchito. Pempho lililonse lili ndi chifukwa chake pambali pake. Mayiyo sanadzipereke yekha kapena mbale wake kukhala womlembera, pakuti zimenezo zingabutse chikayikiro cha kubera. Ndipo sanapemphe kuti mwana awonjezeredwe malikisi kapena apatsidwe mafunso osavuta. Chithandizo chapadera chimachotsa chopinga chokha, mayeso amakhala omwewo. Womlembera amalemba zimene wauzidwa basi, osakonza yankho kapena kukumbutsa.

Pamene vuto silioneka ndi maso

Dzanja lothyoka aliyense amaliwona. Vuto la kuphunzira ndi losiyana, chifukwa palibe chithunzi cha kuchipatala chimene chimalisonyeza. Pali ana amene amasokoneza zilembo zofanana monga b ndi d kufikira m'makalasi aakulu, amadumpha mizere poŵerenga, ndipo amalemba mawu amodzi m'njira zitatu patsamba limodzi, chonsecho akafunsidwa pakamwa amayankha molondola. Ameneŵa si aulesi ndipo sanalodzedwe.

Mwana wotere yambani mwapita naye kuchipatala kuti akamuyeze maso ndi makutu, pakuti kaŵirikaŵiri mwana amene akunenedwa kuti ngwosamva m'kalasi amapezeka kuti sawona pabolodi kapena ali ndi khutu lotuluka mafinya. Maso ndi makutu zikapezeka zili bwino, umboni waukulu umachokera kwa mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Mphunzitsi wamkulu adzakuuzani kumene wotereyo akupezeka m'dera lanu. Makope a mwanayo a zaka ziŵiri kapena zitatu nawonso ndi mboni, chifukwa amasonyeza kuti vutoli silinayambe dzulo.

Polemba, peŵani mawu onyoza ndi osatanthauza kanthu, monga "ngwogona", "mutu wake sugwira" kapena "ngwopepera". Lembani zimene zawonedwa ndi kuyezedwa: "Amaŵerenga ndime imene anzake amamaliza m'mphindi 3 kwa mphindi 9, koma akaimaliza amayankha mafunso ake molondola." Chiganizo chotere chikupempha chokha nthaŵi yowonjezera. Nenaninso chithandizo chimene amalandira kale m'kalasi ndi pa mayeso a kutha kwa teremu, pakuti pempho limakhala lamphamvu ngati likupitiriza chinthu chozoloŵereka. Koma dziŵani malire ake. Kupempha kuti wina amŵerengere mafunso pa pepala limene likuyesa luso la kuŵerenga lomwelo nkovuta kuti kuloledwe.

Nthaŵi yolembera

Ngozi sipangana ndi munthu, choncho kalata ya mwana wovulala ilembedwe tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake. Koma vuto lodziŵika kale, monga la maso kapena la kuŵerenga, linenedwe pa nthaŵi yolembetsa mayeso, miyezi ingapo asanafike. Mapepala a zilembo zikuluzikulu amasindikizidwa padera ndi kutumizidwa moŵerengera ana amene analembetsedwa motero. Woyang'anira mayeso sangathe kukuza zilembo pa tsikulo, ngakhale atakhala wachifundo chotani.

Lembani makalata aŵiri ofanana. Imodzi mupereke, inayo mphunzitsi wamkulu alembepo tsiku limene walandira ndi kudindapo, muisunge kunyumba. Pakapita sabata osamva kanthu, pitani mukafunse mwaulemu kalata yanu ili m'manja. Chigamulo nchabungwe la mayeso, ndipo lingathe kuvomereza zina ndi kukana zina, nchifukwa chake pempho lililonse liyenera kuima palokha.

Yankho likabwera, mwana ayeserere njirayo kangapo mayeso asanafike. Kunena masamu pakamwa kuti wina alembe si chinthu chapafupi kwa amene sanachitepo. Ndipo m'masiku onseŵa yang'anirani dzanjalo. Ngati zala zatupa, zazizira, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu, kapena ululu ukukulirakulira, chikhakha chathina. Bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale tsiku la mayeso, pakuti mayeso amalembedwanso koma dzanja likafa silibwerera.