Mphindi ziwiri za denga lodontha

Kanema wopempha thandizo lokonzera denga la sukulu amalembedwa kaye papepala asanajambulidwe. Gawani pepala pawiri: kumanzere lembani zimene diso lidzaone, kumanja zimene khutu lidzamve. Mphindi ziwiri n'zokwanira, chifukwa kanema wolemera amadya bandulo ndipo pa WhatsApp anthu amangomudumpha.

Ambiri amalakwitsa poyambira. Amayamba ndi malonje, kutchula amfumu, aphunzitsi aakulu ndi komiti yonse, woonera n'kutopa denga asanalione. Ulemuwo ubwere kumapeto. Yambani m'kalasi masana, kamera italoza kumwamba, kuwala kwa dzuwa kukulowa m'mabowo a malata adzimbiri. Kenako itsike pamtanda wofumbwa ndi chiswe. Pamenepo mphunzitsi alankhule chiganizo chimodzi chokha, chonena zimene ana amachita mvula ikayamba. Musamulembere zoloweza, amamveka ngati akulakatula ndakatulo.

Ndiye pabwere mmisiri ndi tepi yake. Tiyerekeze kuti wawerengera malata 60, mitanda ndi misomali: mtengo wa chilichonse ulembedwe pakanemapo, ndipo wolankhula anene mtengo wa lata limodzi. Munthu amene ali ku Joni amapereka msanga akadziwa kuti ndalama yake igula malata awiri. Zimene mudzi wasonkha kale, kaya ndalama kaya matabwa, zitchulidwenso.

Nkhope za ana zisajambulidwe makolo asanavomere. Pomaliza, nambala ya komiti yolandirira ndalama ikhale pakanema masekondi 10, ndipo iwerengedwe mokweza kawiri.