Firiji ya katemera ikatentha kapena kuzizira mopitirira muyeso

Katemera amene ana amabayidwa ku sikelo amasungidwa pakati pa madigiri +2 ndi +8. Malire amenewa ndi a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo ndi omwe zipatala za m'Malawi zimatsata pansi pa ndondomeko ya katemera ya Unduna wa Zaumoyo. Katemera akaonongeka ndi kutentha kapena kuzizira, mphamvu yake sibwereranso ngakhale atamubwezera m'firiji yabwino. Sanunkha, ndipo nthawi zambiri sasintha maonekedwe. Mwana wobayidwa katemera wotere amapita kwawo m'buku lake mutalembedwa kuti walandira, mayi ake mtima uli m'malo, koma chitetezo alibe. N'chifukwa chake firiji iliyonse ya katemera imakhala ndi tchati chake, pepala la mwezi wathunthu lomatidwa pachivundikiro kapena pakhoma pafupi nayo.

Pa tchaticho pamalembedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ntchito isanayambe ndi madzulo poweruka. Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi pamalembedwanso, pakuti firiji imafa tsiku lililonse. M'zipatala zing'onozing'ono ntchitoyi imagwera kawirikawiri alangizi a zaumoyo, ndipo pamafunika munthu wachiwiri wodziwika dzina woti azilowa m'malo woyambayo akachokapo. Wolemba amaika tsiku, madigiri amene waona, chizindikiro cha alamu ngati chilipo, zimene wachita, ndi kusaina. Mzere wa zimene wachita ndi umene umasiyidwa wopanda kanthu kawirikawiri, chonsecho ndiwo wofunika kuposa ina yonse. Tchati cholembedwa +5 m'mawa ndi +5 madzulo mwezi wonse osasintha n'chokayikitsa, chifukwa firiji yogwira ntchito imakwera ndi kutsika pang'ono malinga ndi nyengo ndiponso kutsekulidwa. Tchati chotero nthawi zambiri chimakhala chodzazidwa tsiku limodzi mwezi ukutha, ndipo sichiteteza mwana aliyense.

Themomita wamba imangonena za nthawi imene munthu waiyang'ana. Zimene zachitika usiku sizidziwika. Pofuna kutseka mpata umenewu, m'firiji mumaikidwa kachipangizo kosunga mbiri ya masiku 30, ndipo kodziwika kwambiri ndi ka Fridge-tag. Kamakhala pakati pa katemera, osati kogunda khoma la firiji. Kamaonetsa madigiri a nthawi imeneyo, komanso okwera kwambiri ndi otsika kwambiri a tsiku lililonse. Zonse zikakhala bwino pagalasi pake pamaoneka chizindikiro chochonga. Alamu ikachitika pamaoneka X. Alamu ya kutentha imabwera firiji ikakhala pamwamba pa +8 kwa maola 10 osalekeza, pamene ya kuzizira imabwera ikatsika kupitirira −0.5 kwa mphindi 60 zokha.

Kusiyana kwa maola 10 ndi ola limodzi kukusonyeza kumene kuli ngozi yaikulu. Kutentha kumadya mphamvu ya katemera pang'onopang'ono, ndipo kuonongekako kumaunjikana tsiku ndi tsiku. Kuuma ngati ayezi kumaononga kamodzi n'kamodzi. M'dziko lotentha, makamaka ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, maganizo a aliyense amakhala pa kutentha, ndipo munthu amaona ngati kuziziritsa kwambiri ndiko kusamala. Maganizo amenewa ndi amene amaononga katemera wambiri mosadziwika. Kachipangizoko kalinso ndi malire ake: firiji ikakhala pa +10 kwa maola 9 n'kutsikanso, X sabwera, ikakhala pa +1 usiku wonse, sabweranso. Choncho wolemba tchati sayenera kudalira chizindikiro chokha. Adine batani la READ kuti aone manambala okwera ndi otsika a dzulo, pakuti ndiwo amachenjeza vuto lisanakule.

Akatemera sapirira mofanana. Wa poliyo wodonthezera m'kamwa, OPV, ndiye wosachedwa kuonongeka ndi kutentha, ndipo wa chikuku ndi wa BCG nawonso safuna kutentha kapena kuwala. Atatuwa kuzizira kwambiri sikuwaononga. Gulu lina ndi loopa kuuma: katemera wa matenda asanu pamodzi wotchedwa penta, wa chibayo wa PCV, wa kafumbata wa Td, wa khansa ya khomo la chiberekero wa HPV, ndi wa poliyo wobaya wa IPV. Ambiri mwa awa muli mchere wa aluminiyamu umene umathandiza thupi kupanga chitetezo. Ukauma, timibulu take timagwirana n'kukhala timiyala tosabwereranso mwakale. Madzi osungunulira katemera wa ufa nawo sayenera kuuma, chifukwa botolo limatha kung'aluka.

Madigiri akapezeka pamwamba pa +8, choyamba ndi kulemba zimene zaoneka ndi nthawi yake, kenako kufufuza chifukwa. Kodi magetsi alipo? Pulagi ili m'malo? Chivundikiro chatsekeka bwino, kapena labala wa m'mphepete mwake watha? Fumbi pa kondensa, firiji yokankhidwira kukhoma mpaka mpweya kusowa podutsa, ayezi wokhuthala kupitirira theka la sentimita, kapena fumbi pa mapanelo a sola, zonsezi zimakweza madigiri. Ngati vuto ndi kuthima kwa magetsi, firiji isatsekulidwe. Mafiriji otsekulira pamwamba, okhala ndi madzi ouma m'makoma mwake, amasunga kuzizira kwa maola ambiri, ndipo kusuzumiramo pafupipafupi kumangotaya maola amenewo. Zikaoneka kuti firijiyo sidzuka msanga, katemera amasamutsidwira m'bokosi losunga kuzizira kapena ku chipatala choyandikana, malinga ndi dongosolo la pangozi limene liyenera kukhala lomatidwa pakhoma, pamodzi ndi manambala a foni a woyang'anira katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi a mmisiri wa mafiriji. Posamutsa, mapaketi a ayezi ochokera m'chipinda choumitsira amayamba ayalidwa patebulo mpaka madzi azimveka khuchukhuchu akagwedezedwa. Paketi youma gwa ikagunda botolo la penta imaliumitsa, ndipo katemera wopulumuka ku kutentha amakafera m'bokosi.

Woweruza pa nkhani ya kutentha ndi kachizindikiro ka VVM kamene kali pa botolo lililonse: kabokosi koyera mkati mwa kabwalo kakuda pang'ono. Kabokosiko kamada pamene kutentha kukuunjikana. Kakadali kowala kuposa kabwaloko, ndipo tsiku lothera ntchito lisanakwane, katemera ndi wabwino, ndipo botolo limene kabokosi kake kayamba kuda ligwiritsidwe ntchito poyamba. Kakafanana mtundu ndi kabwaloko kapena kuda kuposa apo, botolo limachotsedwa. Koma VVM sanena chilichonse za kuuma.

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa mmene ngozi ya kuzizira imabwerera. Pa chipatala china chaching'ono magetsi athima Lachisanu masana n'kubwera Loweruka madzulo. Wogwira ntchito wa tsikulo apeza +9, ndipo pofuna kuti izizire msanga, apotokola kogwirira kuzizira kufika kumapeto, osalemba pa tchati. Lamulungu palibe amene awerenga. Lolemba m'mawa mlangizi apeza +3, nambala yooneka yabwinobwino, koma pa Fridge-tag pali X. Atadina READ aona kuti Lamulungu usiku firiji inatsika kufika −2.4, ndipo inakhala pansi pa malire kwa maola 5. Cholakwa chinali kupotokola kuja. Magetsi akangobwera, kapena katemera watsopano akangolowetsedwa, firiji imayenera kusiyidwa kuti itsike yokha.

Mlangiziyo salola kuti penta, PCV, Td, HPV ndi IPV zipite ku sikelo ya tsikulo, komanso sazitaya. Aziika m'thumba lolembedwa kuti zisagwiritsidwe ntchito, n'kuzisunga pa +2 mpaka +8 pamalo ena otetezeka. Abwezera kogwirira kuja pamalo pake, alemba pa tchati madigiri otsika, maola ake ndi chimene chinachitika, ndipo aimbira foni ku boma. OPV, BCG ndi katemera wa chikuku apitirira kugwira ntchito ngati VVM wake ali bwino. Botolo lililonse limene lapezeka louma gwa, kapena lili ndi zibuma zosasungunuka likagwedezedwa, lichotsedwa pomwepo popanda kuyesa.

Otsalawo ayesedwa mogwedeza. Pa mtundu uliwonse amatenga botolo limodzi la kampani yomweyo ndi nambala ya batchi yomweyo, n'kuliumitsa dala pa −10 kapena kutsika apo kwa maola osachepera 10, mpaka lonse litauma. Akalisiya kuti lisungunuke lokha, amalilemba kuti ndi loumitsidwa, kuti wina asadzabaye nalo mwana. Kenako amagwira m'dzanja limodzi botolo limeneli ndi lina lokayikiridwa, makamaka lomwe linali pansi kapena pafupi ndi khoma la firiji, n'kuwagwedeza mwamphamvu kwa masekondi 10 mpaka 15. Amawaimika pamodzi patebulo, kuwala kukuchokera kumbuyo kwake, n'kumayang'ana. M'botolo loumitsidwa dala timibulu timadikha msanga n'kusiya madzi oyera pamwamba, monga madeya amadikhira m'madzi pamene ufa wosalala ukadali mbuu. Ngati botolo lokayikiridwa likudikha mochedwa kuposa linzakelo, katemera sanaume ndipo abwerera ku ntchito. Ngati likudikha mofanana kapena mofulumira, waonongeka, ndipo woyang'anira wa ku boma ndiye agamula za batchi yonseyo. Kuyesaku kumagwira pa akatemera okhala ndi aluminiyamu okha. IPV alibe, choncho akakayikiridwa kuti anauma amachotsedwa popanda kuyesa.

Poti kuumitsa botolo kumatenga usiku wonse, yankho silibwera tsiku lomwelo. Ana a Lolembalo amalandira penta wochokera ku chipatala china, kapena amayi awo amauzidwa tsiku lenileni lobweranso. Kubweza mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo n'kowawa, komabe n'kwabwino kuposa kumubaya mwanayo katemera wokayikitsa. Zikadziwika kuti ana ena anabayidwa kale katemera woonongekayo alamu isanaoneke, mayina awo amatengedwa m'kaundula ndipo a ku boma amakonza zowaitananso.

Mabotolo oonongeka amachotsedwa m'firiji, amalembedwa m'buku la katundu pamodzi ndi mtundu, batchi, chiwerengero cha madozi ndi chifukwa chake, kenako amatayidwa potsata malamulo a zinyalala za m'chipatala. Katemera wabwino sabwezedwa m'firijiyo mpaka itaonetsa kuti yakhazikika pakati pa +2 ndi +8. Mwezi ukatha, woyang'anira amawerenga tchati chonse n'kusaina, chiwerengero cha maalamu chimapita m'lipoti la ku boma, ndipo tchaticho chimasungidwa m'faelo kwa zaka zitatu. Firiji imene yalemba alamu mobwerezabwereza popanda kuthima kwa magetsi imafunika mmisiri, osati kupotokola kogwirira kuzizira.