Kaundula wa m'foni amene sadikira netiweki

Tiyerekeze kuti mwatumidwa kukayendera mijigo 40 m'midzi ya kuseri kwa phiri. Pa mjigo uliwonse mukulemba m'foni dzina la mudzi ndiponso ngati madzi akutuluka. Netiweki inakuthawani mutangosiya msewu wa phula. Nanga zimene mukulembazo zikukhala kuti?

M'mapulogalamu ambiri otere, zimakhala mu SQLite. Imeneyi ndi nkhokwe ya deta imene D. Richard Hipp anaitulutsa m'chaka cha 2000, ndipo imapezeka kale m'mafoni a Android ndi a iPhone. Siifuna seva kapena intaneti. Zonse imazisunga m'fayilo imodzi, m'foni momwemo, ngati buku la kaundula lokhala ndi mizere ndi madanga.

Wopanga pulogalamu amayamba ndi kulemba mitu ya madangawo:

```sql
CREATE TABLE mijigo (
  id TEXT PRIMARY KEY,
  mudzi TEXT NOT NULL,
  madzi INTEGER NOT NULL,
  yatumizidwa INTEGER NOT NULL DEFAULT 0
);
```

Mjigo uliwonse umatenga mzere wakewake. Mawu akuti `NOT NULL` amaletsa kusunga mzere wopanda dzina la mudzi. Pa danga la `madzi` timaika 1 ngati akutuluka, 0 ngati mjigo wafa. Koma madanga amene amapulumutsa ntchito yonse ndi loyamba ndi lomaliza.

Tiyambe ndi `id`. Munthu angaganize zongowerenga 1, 2, 3 monga timachitira m'kope. Vuto ndi lakuti mnzanu amene wapita kutsidya la mtsinje nayenso foni yake yayambira pa 1. Madzulo mukatumiza, seva ilandira mijigo iwiri yosiyana yokhala ndi nambala imodzi, ndipo umodzi ukanidwa kapena ufufuta unzake. N'chifukwa chake foni imapangira mzere uliwonse nambala yaitali yotchedwa UUID, ya zilembo ndi manambala 32 osakanikirana. Mwayi woti mafoni awiri apange yofanana ndi wochepa kwambiri moti suwerengedwa n'komwe.

Danga la `yatumizidwa` ndi chizindikiro ngati chija amachonga wogulitsa m'golosale ngongole ikabwezedwa. Mzere watsopano umayamba ndi 0. Mukafika pamsika pomwe netiweki yagwira, pulogalamu imafunsa nkhokwe kuti ndi iti yomwe isanapite:

```sql
SELECT * FROM mijigo WHERE yatumizidwa = 0;
```

Ikatumiza, imadikira kaye kuti seva iyankhe kuti yalandira, kenaka n'kuchonga:

```sql
UPDATE mijigo SET yatumizidwa = 1 WHERE id = ?;
```

Dongosolo limeneli silofunika kulitembenuza. Pulogalamu ikachonga yankho lisanabwere, netiweki n'kuduka panjira, foni imakhulupirira kuti ntchito yatha pamene seva ilibe kanthu. Mjigo wakufa uja sudzafika pamaso pa okonza, ndipo palibe amene adzazindikire.

Tsopano tibwerere ku mijigo yathu 40. Mwaima pansi pa mtengo wa mango, kachizindikiro ka netiweki kakuphethira. Seva yalandira mizere 25 n'kuisunga, koma yankho lake lisanafike m'foni, netiweki yazima. Kwa foni yanu, yonse 40 idakali pa 0. Mawa idzatumizanso yonse.

Ngati seva imangolandira chilichonse chobwera, mawalo idzakhala ndi mizere 65: ija 25 yadzulo ndi 40 yalero. Lipoti lidzaonetsa mijigo yoti kumudzi kulibeko. Koma seva yokonzedwa bwino imayang'ana kaye UUID. Ikaona kuti 25 ija ili nayo kale, siilembanso. Imangowonjezera 15 yotsala, n'kuyankha kuti yonse 40 yafika. Choncho kutumiza kawiri kapena katatu sikuwononga kanthu.

Kudziwa ngati zinthu zasokonekera n'kosavuta. Werengani mizere yochongedwa m'foni, muyerekeze ndi imene seva yalandira kuchokera ku foni imeneyo. Ya ku seva ikachuluka kuposa mizere yonse ya m'foni, ndiye kuti ina yalowa kawiri. Ikachepa, pulogalamu ikuchonga msanga.

Malire a njirayi nawonso ndi ofunika kuwadziwa. Anthu awiri akasintha mzere umodzimodzi ali kutali ndi netiweki, SQLite siingagamule kuti wolondola ndani. Wopanga pulogalamu ayenera kuikiratu lamulo. Ena amati wosintha pomaliza ndiye wapambana, koma lamulo limeneli limadalira wotchi ya foni, yomwe nthawi zina imakhala yolakwika.

Ndipo mpaka seva itayankha, ntchito yanu yonse ili m'fayilo imodzi ija basi. Foni ikadzaza, mnzanu wofuna kukuthandizani angakuuzeni kuti muchotse pulogalamuyo n'kuiikanso, kapena mudine `Clear data`. Musanamumvere, onani kaye kuti ndi mizere ingati idakali pa 0. Ikakhalapo ngakhale umodzi, fufutani zithunzi ndi mavidiyo, pulogalamuyo muisiye.