Imvi za M'mbali mwa Mutu: Momwe Dayi Angagwirire Bwino

Ambiri akadaya tsitsi amapeza kuti mutu wonse wada bwino, koma imvi za m'mbali mwa mphumi, cha pamwamba pa makutu, zikungoyerabe kapena zafiirira. Kawirikawiri vuto silikhala dayi, koma kapakidwe kake.

Imvi ndi tsitsi lomwe lasiya kupanga melanini, chinthu chomwe chimadetsa tsitsi. Kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba tating'onoting'ono, ndipo pa imvi zouma timambati timakhala totsekeka kwambiri, moti dayi amavutika kulowa. Komanso m'mbalimu ndi momwe mumadzadza mafuta odzola, thukuta ndi jelo. Vaselini yemwe timapaka kuti khungu lisade akakhudza tsitsi, dayi sagwira pamenepo.

Tiyerekeze mayi yemwe theka la tsitsi lake la m'mbali ndi imvi. Iye asankhe dayi wokhalitsa, wosakaniza ndi pelokisaidi wa 6%, yemwe amatchedwanso voliyumu 20. Wa 3% nthawi zambiri satsegula timamba mokwanira, pomwe wa 9% kapena 12% ntchito yake yaikulu n'kuyeretsa tsitsi. Mtundu wake ukhale wachilengedwe, womwe nambala yake imathera ndi 0 kapena N, monga 3.0. Ngati akufuna wofiirira, asakanize theka ndi theka ndi wachilengedweyo, apo ayi imvi zidzawala mosiyana ndi tsitsi lina.

Tsitsi likhale louma, lopanda mafuta. Atavala magolovesi, ayambire pomwe pali imvi zambiri, osati kunkhongo, kuti malo ovutawa alandire dayi akadali wamphamvu ndipo akhale naye nthawi yaitali. Azipatula tsitsi pang'onopang'ono n'kupaka mokhathamiritsa, osapalanso ndi chipeso. Akamaliza mutu wonse abwerezenso m'mbalimo, chifukwa titsitsi tatifupi timadzuka, n'kuuma dayi asanalowe.

Nthawi awerenge kuyambira pomwe wamaliza kupaka. Madayi ambiri amafuna mphindi 30 mpaka 35, koma pa imvi zokanika mpaka 45. Atsate zolembedwa papepala la m'bokosi, osapitirira.

Zikakanikabe, a m'saluni amayamba afewetsa imvizo. Amazipaka pelokisaidi wa 6% yekha kwa mphindi 5 mpaka 10, n'kupukuta ndi thonje osatsuka, kenako n'kupaka dayi.

Zotsatira zimaulula cholakwika. Imvi zooneka ngati zangodetsedwa pamwamba ndiye kuti nthawi inachepa. Mawangamawanga amasonyeza mafuta kapena dayi wochepa. M'mbali mukada kuposa mutu wonse, tsitsi la pamenepo ndi lopyapyala, choncho ulendo wina pafunika mtundu wowalirapo pang'ono.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye pakatha masabata 4 mpaka 6 pakani pomera pokha. Amene mwawongola tsitsi ndi mankhwala, dikirani masabata awiri musanadaye. Nthawi zonse yesani kadayi pang'ono pakhungu kutatsala maola 48, chifukwa madayi ambiri akuda ali ndi mankhwala otchedwa PPD omwe ena amawenga nawo. Pakayabwa kapena kutupa, dayi ameneyo musamugwiritse ntchito.