Wofunsa, wosankha ndi wogula: mutu wa tsamba uziyankha amene wafika

Aliyense amene anagulitsapo m'sitolo amadziwa kuti olowa pakhomo sabwerera chinthu chimodzi. Wina wangobwera kudzafunsa, mwina chifukwa batire la sola lakunyumba kwake layamba kutha mphamvu usiku usanafike pakati. Wina akuzungulira masitolo atatu anayi, akufuna aone kaye kuti labwino ndi liti. Wachitatu ndalama ili m'thumba, chomwe akufuna ndi kumva kuti katundu alipo. Wogulitsa wanzeru amawaona nkhope n'kudziwa poyambira. Pa intaneti nkhope sioneka. Chomwe chimaoneka ndi mawu ochepa amene munthu walemba pa Google, ndipo chomwe iye amaona cha inu ndi mzere umodzi woti adine, womwe ndi mutu wa tsamba lanu.

Mutu umenewu wokonza tsamba amaulemba m'malo otchedwa title, ndipo umaoneka motere m'kati mwa tsamba:

```html
<title>Gulani batire la sola la lithium 12V 100Ah ku Lilongwe</title>
```

Mawu amenewa ndi amene nthawi zambiri Google imaonetsa pa mndandanda wa zomwe yapeza. Malo ake ndi ochepa. Pa kompyuta mutu umadulidwa ukadutsa mapikiselo pafupifupi 600, zomwe kawirikawiri ndi zilembo zapakati pa 50 ndi 60, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mawu a Chichewa ndi aatali, moti mawu asanu ndi atatu okha angathe kudzaza malo onsewo. Choncho palibe mpata woti mutu umodzi ulankhule ndi anthu atatu onse aja. Muyenera kusankha mmodzi.

Kugawa ofufuza potengera cholinga chawo sikunayambe dzulo. Mu 2002 katswiri wina wa makompyuta, Andrei Broder, yemwe anagwirapo ntchito ku AltaVista, analemba kuti anthu amafufuza pa zifukwa zitatu: kufuna kudziwa kanthu, kufuna kufika pa tsamba lomwe akulidziwa kale, ndi kufuna kuchita kanthu monga kugula. Pambuyo pake ogwira ntchito yokweza masamba pa Google anaonjezera gulu lina lapakati, la munthu amene watsimikiza kuti agula koma akusankhabe. Gulu limeneli ndi limene eni malonda ambiri saliona n'komwe.

Tiyerekeze sitolo ina ya ku Lilongwe yogulitsa zipangizo za sola. Mwini wake ali ndi tsamba limodzi lonena za mabatire, ndipo mutu wake ndi dzina la sitolo kutsatizana ndi mawu akuti "Takulandirani, zipangizo zamphamvu pa mtengo wabwino". Ulemu ulipo, koma mutuwu sunayankhe aliyense. Mulibe mawu akuti batire, mulibe kukula kwake, mulibe ngakhale mzinda.

Tiyambe ndi wofunsa uja. Iye walemba kuti "batire la sola limakhala zaka zingati". Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona: mawu monga zingati, bwanji, chifukwa chiyani, kodi. Munthuyu ali ndi batire kale, kapena akungoganiza za sola chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Mukamuonetsa mutu woyamba ndi "Gulani", audumpha, chifukwa akuona kuti mukufuna kumuthamangitsira ku kauntala iye asanamve zomwe wabwerera. Mutu womuyenera ndi wobwereza funso lake m'mawu ake omwe: "Batire la sola limakhala zaka zingati lisanathe mphamvu?" Mulibe dzina la sitolo kutsogolo, mulibe mtengo. Ndipo tsambalo liyankhedi funsolo m'ndime yoyamba, kuti batire la asidi limatha msanga mukamaligwiritsa ntchito mpaka kuuma tsiku ndi tsiku, komanso kuti kutentha kumafupikitsa moyo wake.

Ndikudziwa kuti wamalonda amamva kuwawa apa. Amati, ndilembe tsamba lonse la munthu amene sagula lero? Ine ndimaona kuti tsamba lotereli silitayika, chifukwa munthu amene mwamuyankha bwino ndi yemwe adzakumbukire dzina lanu batire lakelo likadzafa. Koma ngati simukufuna kumuyankha, ndi bwino kusalemba funso lake pamutu n'komwe.

Wachiwiri, wosankha uja, ndiye wofunika kumumvetsa bwino. Mawu ake amakhala ndi "kapena", "labwino", "kusiyana", nthawi zina mayina awiri a zinthu atagundana. Walemba kuti "lithium kapena gel batire labwino ndi liti". Munthuyu ali pafupi kutulutsa ndalama zambiri, ndipo mantha ake ndi akuti agula chinthu cholakwika. Akufuna wina amuikire zinthu ziwirizo pamodzi moona mtima. Mutu wake utchule zonse ziwiri ndipo uonetse kuti m'katimo muli chigamulo: "Lithium kapena gel: batire la sola labwino ndi liti?"

Taonani kuti mutuwu sunanene kuti "batire labwino kwambiri m'Malawi muno". Wosankha amakhala tcheru ndi mawu odzitama, chifukwa wawamva kale m'masitolo onse amene wadutsamo. Chomwe chimamukoka ndi chizindikiro choti mwayerekezadi. Tsambalo limuuze zenizeni, mwachitsanzo kuti batire la 12V 100Ah limasunga mphamvu ya mawati pafupifupi 1,200 oyaka ola limodzi, koma ngati ndi la jelo mumalangizidwa kugwiritsa ntchito theka lokha kuti likhalitse, pamene la litiyamu mungalitape kwambiri kuposa apo popanda kuliononga. Limuuzenso kuti la litiyamu ndi lodula pogula. Mukabisa mbali imeneyi chifukwa ndi limene mukufuna ligulidwe, mutu wanu wakhala nyambo chabe, ndipo wowerenga amazindikira msanga.

Wachitatu safuna nkhani. Walemba kukula kwa batire, mawu akuti mtengo, ndi dzina la mzinda. Mutu wake ndi uja taona pamwambapa: chinthu, mtundu wake, kukula kwake, malo. Dzina la sitolo likhale kumapeto ngati malo atsala, pokhapokha ngati ndi dzina limene anthu amalisaka paokha. Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti mtengo aulembe pamutu kapena ayi. Mtengo umakoka wogula ndithu, koma kuno kwathu katundu woitanitsa kunja sakhalitsa pa mtengo umodzi. Tonse tikukumbukira mmene mitengo inasinthira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023. Google sionanso tsamba lanu tsiku lomwelo limene mwasintha, ndiye mtengo wakale ungathe kumaonekabe kwa masiku. Wogula amene wakwera minibasi kudzapeza mtengo wina amachoka ndi mkwiyo. Ngati mitengo yanu imasinthasintha, lembani mawu akuti "mtengo" pamutu, nambala yakeyo ikhale m'kati mwa tsamba.

Mwaona kale kuti tsamba limodzi lija lasanduka masamba atatu. Palibe njira yachidule apa. Anthu ena amayesa kupanikiza zonse m'mutu umodzi, monga "Batire la sola, mtengo, labwino, zaka zingati, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu". Mutu wotere umadulidwa pakati, suwerengeka, ndipo ndi umene Google imakonda kuuchotsa n'kuikapo wake. Mu Ogasiti 2021 kampaniyi inalengeza njira yatsopano yopangira mitu yooneka pa zotsatira, ndipo mwezi wotsatira inanena kuti imagwiritsa ntchito mutu wa mwini tsamba pafupifupi ka 87 pa ka 100 kalikonse. Kotsalako imatenga mawu ena, kawirikawiri mutu waukulu wolembedwa pamwamba pa tsambalo. Zina mwa zifukwa zimene inatchula ndi mitu yaitali mopitirira, yodzaza mawu obwerezabwereza, ndi yofanana pa masamba onse. N'chifukwa chake mutu wa m'kati ndi wa pamwamba pa tsamba ziyenera kunena chinthu chimodzi.

Vuto lenileni limabwera munthu akangolemba mawu awiri atatu, "batire la sola", popanda china chilichonse. Kodi ndi wofunsa, wosankha kapena wogula? Musaombeze. Lembani mawu omwewo pa Google nokha, muone zomwe zili pamwamba. Ngati masamba ambiri oyamba ndi a masitolo okhala ndi zithunzi ndi mitengo, ndiye kuti olemba mawuwo ambiri ndi ogula. Ngati ndi nkhani zofotokoza ndi mafunso, ndi ofunsa. Zikakhala zosakanikirana, sankhani gulu limene tsamba lanu lingalitumikire bwino, osati limene mukulilakalaka.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Amalawi ambiri akamasaka katundu amalemba Chingerezi kapena kusakaniza, monga "solar battery price Lilongwe", ngakhale kuti pa foni akambirana nanu m'Chichewa. Ndi chifukwa chake m'mitu yanga ndasiya lithium ndi gel mmene zimalembedwera pa katoni. Mutu utsate mawu amene anthu amalembadi, ndipo tsamba lake likhale m'chiyankhulo chomwecho.

Mungadziwe bwanji kuti mutu wanu waphonya? Google ili ndi chida chaulere chotchedwa Search Console. Pa gawo la Performance mumaona mawu amene anthu analemba, kangati tsamba lanu linaonetsedwa, ndi kangati linadinidwa. Tiyerekeze kuti tsamba la mabatire lija laonetsedwa ka 2,000 m'mwezi, lili pafupifupi pa nambala 4, koma ladinidwa ka 20 kokha. Ameneyo ndi munthu mmodzi pa 100 alionse, zomwe ndi zochepa kwa tsamba lokhala pamwamba chotero. Mukayang'ana mawuwo n'kupeza kuti ambiri ali ndi "zingati" kapena "bwanji" pamene mutu wanu ukuti "Gulani", mwalipeza vuto: Google ikukuonetsani kwa ofunsa, inu mukuitana ogula.

Chizindikiro china ndi chosiyana ndi chimenechi. Anthu akudina ambiri, koma palibe woimba foni, palibe wofunsa ngati katundu alipo. Apa mutu wagwira ntchito yake, koma walonjeza zimene tsamba lilibe. Mwina mutu unati "mtengo" koma m'katimo mwangolembedwa kuti "tiimbireni". Munthu amene waononga bandulo yake kutsegula tsamba lotero amabwerera m'mbuyo n'kudina la mnzanu. Pamenepa chofunika kukonza ndi tsamba, mutu ulibe mlandu.

Mukasintha mutu, sinthani wa tsamba limodzi kapena awiri okha, mulembe tsiku lake penapake, ndipo musakhudze china pa tsambalo. Dikirani masabata anayi, kenako muyerekeze ndi masabata anayi a m'mbuyo mwake. Poyerekezapo muyang'ane kaye ngati nambala imene tsamba limaonekera yasintha, chifukwa tsamba likakwera kuchoka pa 8 kufika pa 3 odina amachuluka ngakhale mutu ukhale womwewo. Mukumbukirenso nyengo: mwezi umene magetsi akuthima kwambiri osaka mabatire amachuluka okha, choncho muyerekeze odina pa anthu 100 alionse oona, osati chiwerengero chonse cha odina.