Dzino Latuluka, Samalani Dzenje

Mlamu wanga amapalasa kabaza. Lolemba lina anakachotsetsa dzino la m'munsi, lakumbuyo kwenikweni, lomwe linamusowetsa tulo milungu iwiri. Atatsika pampando anamulumitsa thonje, anamupatsa panado ndi kapepala ka malangizo. Kapepalako anakapinda panayi n'kukaponya m'thumba la buluku. Thonje analavula asanatuluke n'komwe pageti chifukwa linkamunyansa. Atafika kunyumba anachukucha mkamwa ndi madzi amchere kangapo konse, poganiza kuti akutsuka bala, ndipo madzulo anasuta ndudu yake yamasiku onse. M'mawa mwake anali pasiteji kunyamula anthu.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinthu zinkaoneka bwino. Lachinayi usiku ululu unabwera woposa wa dzino lija. Unkagunda ngati ng'oma kuchokera m'nsagwada kukafika m'khutu, mkamwa mukununkha, panado osaphula kanthu. Iye anayamba kunena kuti adokotala anasiya muzu. Muzu panalibe. Chomwe chinasowa m'dzenjemo ndi chinthu china, ndipo kapepala kaja kanalembedwa kuti kateteze chinthu chimenecho.

Dzino likazulidwa limasiya dzenje m'fupa la nsagwada. Magazi amadzaza m'dzenjemo n'kuundana, kukhala kachibuluma kofiira moderako ngati kachidutswa ka chiwindi. Anthu ambiri akakaona pagalasi amati ndi uve woyenera kuchotsa. Koma kachibuluma kameneka ndiko chivindikiro cha bala. Kamaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamerera mwa iko. Pa tsiku loyamba kamakhala kosalimba, moti madzi ochukucha mwamphamvu, kulavula pafupipafupi, kuyamwa chakumwa ndi kapaipi, ngakhale lilime longofuna kudziwa zomwe zili kumeneko, zikhoza kukasuntha. Kakachoka kapena kusungunuka nthawi isanakwane, fupa limatsala pamtunda, mpweya ndi chakudya zikulikhudza. Limeneli ndilo dzenje louma lomwe linagwira mlamu wanga.

Ndikanakhala ine wolemba timapepala timeneti, chiganizo choyamba chikananena za magazi oundanawa. Timapepala tambiri timangondandalika zoletsa: osachukucha, osalavula, osasuta. Munthu wamkulu ukamuletsa chinthu osamuuza chifukwa, amasankha yekha lamulo lomwe akuliona kuti n'lanzeru. Ndipo kunena zoona, kwa munthu amene anakula akumva kuti madzi amchere amapoletsa zilonda za mkamwa, lamulo loti asachukuche limamveka ngati kulakwitsa kwa wolemba.

Tiyambe ndi thonje lija. Liyenera kukhala pamwamba penipeni pa dzenje, osati pakati pa mano oyandikana nalo, ndipo mulilume molimba kwa mphindi 30 osalitafuna, osayankhula, osalichotsa kuti muone ngati magazi asiya. Chomwe chimaletsa magazi ndi kupanikiza kosalekeza. Mukamasuzumira mphindi zisanu zilizonse ndiye kuti mukuyambiranso ntchito. Malovu akadzaza mkamwa, mezani. Palibe choopsa pomeza malovu a magazi pang'ono, pomwe kulavula kumakoka kachibuluma kaja.

Malovu ofiirira pa tsiku loyamba si vuto. Kadontho kamodzi ka magazi kamafiiritsa malovu ambiri, n'chifukwa chake pilo wa usiku woyamba amaopsa kuposa mmene zinthu zilili. Kutuluka magazi kwenikweni ndi pamene magazi ofiira kwambiri akudzaza mkamwa mobwerezabwereza. Zikatero khalani tsonga, musagone. Tengani kampango koyera kochapa bwino, kanyowetseni pang'ono ndi madzi abwino, kapindeni kakhale kolimba, kaikeni padzenje ndipo mulume kwa mphindi 20 mukuyang'ana wotchi. Kunyowetsako n'kofunika, chifukwa nsalu youma imamatirira ku magazi oundana n'kuwazula pochotsa. Mukachita zimenezi kawiri magazi osasiya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali chinanso cha maola oyambawa chomwe anthu amachipeputsa, dzanzi la jakisoni. Limatha pakapita maola awiri mpaka anayi. Pa nthawi imeneyi mlomo, tsaya ndi lilime sizimva kanthu, ndipo munthu akhoza kudziluma kwambiri kapena kupsa ndi tiyi osadziwa. Ana ndiwo amavulala kawirikawiri, chifukwa mlomo wadzanzi umawasangalatsa kuutafuna. Dikirani dzanzi lithe musanadye. Panado imwani dzanzi lisanatheretu, kuti ululu ukamafika upeze mankhwala ayamba kale kugwira ntchito.

Kwa munthu wamkulu, mulingo wa panado ndi mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, ndipo pazidutsa maola osachepera anayi musanamwenso, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kupitirira apo kumawononga chiwindi mwakachetechete. Bulufeni amathandiza kwambiri pa ululu wa mano ndi kutupa, koma amwedwe mutadya, ndipo si wa aliyense: amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, mphumu kapena ali oyembekezera afunse kaye achipatala. Asipirini musagule pagolosale kuti muphe ululuwu, chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi. Ngati mumamwa asipirini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi mochita kulemberedwa chifukwa cha mtima, musawasiye mwa inu nokha. Auzeni ochotsa dzino asanaligwire. Ndipo piritsi lililonse ndi lomeza. Chizolowezi chophwanya asipirini n'kumuika pankhama chimawotcha mnofu, pamatsala chilonda choyera chowawa. Fodya wa m'mphuno ndi kachasu, zomwe ena amathira m'dzenje, nazonso zimangowonjezera bala pabala.

Tsiku loyamba ndi lopuma. Kupalasa njinga, kulima, kusinja kapena kusenza ndowa kumathamangitsa magazi, bala n'kuyambanso kutuluka magazi. Mowa ndi zakumwa zotentha zimachitanso chimodzimodzi. Pogona ikani mapilo awiri kuti mutu ukwere. Ndikudziwa kuti kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, kupuma ndi ndalama yotayika. Mlamu wanga anakana kutaya tsiku limodzi, ndipo pamapeto pake anakhala pakhomo masiku asanu.

Pa ndudu ndiye pamavuta. Kukoka utsi kumayamwa kachibuluma kaja monga mmene kapaipi kamachitira, ndipo fodya amapanikiza timitsempha ta magazi tomwe timadyetsa balalo. Osuta ndiwo amagwidwa ndi dzenje louma kawirikawiri kuposa anthu ena, makamaka dzino likakhala la m'munsi chakumbuyo. Masiku atatu osasuta ndiwo ochepetsetsa. Mlungu wathunthu ndiye bwino.

Tsopano madzi amchere aja. Agogo sananame, mlamu wanga anangolakwitsa tsiku. Pakadutsa maola 24, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa omwe azizira mpaka kufunda. Ikani madziwo mkamwa, pendeketsani mutu kuti akhale mbali ya bala, agwireni kwa kanthawi, kenako tsegulani pakamwa atuluke okha. Musawathamangitse ndi masaya ngati mukutsuka botolo. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka mukatha kudya, kwa mlungu umodzi. Mano enawo tsukani ndi mswachi monga mwa nthawi zonse, kungoti pafupi ndi dzenje muzidutsa mofatsa. Anthu ena amasiyiratu kutsuka mano mlungu wonse poopa bala, ndipo mkamwa mwauve bala limachedwa kupola.

Chakudya chikhale chofewa ndi chofunda chabe: phala lozizirako, nsima yofewa ndi mazira, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yophika bwino. Tafunirani mbali inayo. Chimanga chokazinga, mtedza, nzimbe ndi usipa wouma zidikire kaye. Mpunga ndi wofewa, koma timbewu take timakonda kugwera m'dzenje. Kanthu kakalowamo musakatokose ndi kamtengo ka machesi kapena pini, madzi amchere akatulutsa.

Nanga mungasiyanitse bwanji kupola kwabwino ndi vuto? Yang'anani komwe ululu ukulowera. Bala likamapola bwino, tsiku lililonse limakhala lopepukirapo kuposa dzulo lake. Tsaya likhoza kutupa, ndipo kutupako kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako n'kuyamba kuphwa. Pamwamba pa dzenje pamabwera kanthu kotuwa kapena kachikasu pang'ono. Ambiri amati ndi mafinya n'kukapala, chonsecho ndi mnofu watsopano. Nkhama zimatseka dzenjelo pakatha milungu iwiri kapena kuposerapo pang'ono, pomwe fupa la pansi limatenga miyezi kuti lidzaze.

Dzenje louma limayenda mobwerera. Munthu amayamba kupeza bwino, kenako pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi ululu umakula, umafika m'khutu kapena m'mutu mbali yomweyo, mkamwa mumanunkha ndi kumveka kakomedwe koipa, ndipo mukayang'ana pagalasi dzenje limaoneka lopanda kanthu, mwina fupa lotuwa likuonekera. Kutupa kwakukulu ndi kutentha thupi nthawi zambiri sikukhalapo. Apa ambiri amathamangira kugula makapisozi, koma makapisozi sabwezeretsa chivindikiro chomwe chachoka. Mlamu wanga atabwerera kuchipatala Lachisanu, anamutsuka m'dzenjemo ndi madzi amchere a m'sirinji, anachotsa zotsalira za chakudya, n'kuikamo kathonje ka mankhwala a fungo lamphamvu. Akuti pofika kunyumba ululu unali utatsika kale. Anabwereranso kamodzi kukaonetsa, ndipo balalo linapola mochedwerapo kuposa mmene likanapolera.

Zizindikiro zina sizodikira kuti kuche. Kutupa kukamakulirakulira pambuyo pa tsiku lachitatu, kukatsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi kapena kukwera kudiso, thupi likatentha, pakamwa pakamakanika kutseguka, kapena mukamavutika kumeza malovu ndi kupuma, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Matenda otupitsa pansi pa lilime akhoza kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika asazengereze ngakhale pang'ono. Dzanzi la mlomo kapena lilime likakhalapobe m'mawa mwake, kanenenso.

Amene achotsedwa dzino la m'mwamba chakumbuyo ali ndi lamulo lawo lowonjezera. Mizu ya mano amenewa imayandikana ndi mphako ya mpweya yomwe ili m'tsaya, yolumikizana ndi mphuno, ndipo nthawi zina chotchinga pakati pake chimakhala chopyapyala ngati chikhungwa cha dzira. Musamine mwamphamvu kwa masiku angapo, ndipo poyetsemula tsegulani pakamwa. Mukaona madzi omwe mwamwa akutulukira m'mphuno, bwererani kwa amene anachotsa dzinolo akatseke pomwe pabooka.