Kodi kampani ya foni ingakutulutsireni mawu a uthenga wofufutidwa?

Mkangano wa ngongole ya mpunga ukafika povuta ku Kaporo, kapena banja likagwedezeka pa boma la Karonga chifukwa cha mameseji, sipalephera wina wonena kuti, "Tiyeni ku kampani akatitulutsire zonse." Wonenayo amakhala ndi chikhulupiriro chakuti Airtel ndi TNM ali ndi nkhokwe momwe mawu onse amene tinalemberana chigulireni foni akusungidwa, ndipo chofunika ndi chiphaso ndi ndalama pang'ono basi. Wina amatsutsa kuti kampani siona chilichonse cha mu uthenga. Onse awiri akuphonya, koma amene amagwa nazo kwambiri ndi woyambayu, chifukwa amafufuta umboni mu foni mwake podalira nkhokwe imene kulibe.

Tiyambe ndi njira imene uthenga wa SMS umadutsa. Mukadina kuti upite, suchoka pa foni yanu n'kugwera pa foni ya mnzanu mwachindunji. Umakwera pa nsanja ya netiweki yapafupi, n'kukafika pa makina a kampani otchedwa SMSC. Makinawa amaugwira kaye, n'kufufuza ngati foni ya mnzanuyo ikupezeka. Ikapezeka, uthenga umaperekedwa nthawi yomweyo. Ngati yathima, tinene kuti mwini wake ali pa nyanja kokoka usipa, makinawo amausunga n'kumayesayesa kwa maola kapena masiku ochepa, kenako amautaya. Pa nthawi yodikirayo mawu ake amakhala owerengeka pa makina a kampani, chifukwa SMS siikhomedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira. Choncho wonena kuti kampani singathe n'komwe kuona mawu akulakwitsa. Koma makinawa ntchito yake ndi kupereka uthenga, osati kuusunga, ndipo makampani ambiri padziko akapereka amafufuta mawuwo posachedwa. Kusunga mawu a anthu mamiliyoni kumadya ndalama, sikubweretsa phindu, komanso kumaitana milandu.

Chimene chimatsala, ndipo chimasungidwa nthawi yaitali, ndi ndandanda wa mafoni. Kampani imaufuna powerengera ndalama zimene mwagwiritsa ntchito komanso pogawana ndalama ndi makampani anzake. Mzere uliwonse umaonetsa nambala yotumiza, nambala yolandira, tsiku, ola mpaka sekondi, ngati kunali kuimba kapena uthenga, kutalika kwa nthawi imene munalankhula, ndi nsanja imene foni inagwira. Umaonetsanso nambala ya foni yeniyeniyo yotchedwa IMEI, imene mungaione mutadina *#06#. Zili ngati kaundula wa ku positi: amalemba kuti kalata yachoka kwa uje kupita kwa uje pa tsiku lakuti, koma zimene zinali mu envulopu mulibe.

Ku America zimenezi zinaonekera poyera mu 2011, pamene bungwe la ACLU linatulutsa chikalata cha unduna wa zachilungamo chosonyeza zimene makampani a mafoni ankasunga. Verizon inkasunga mawu a mauthenga masiku atatu mpaka asanu okha. AT&T, T-Mobile ndi Sprint sankasunga mawu n'komwe, pamene ndandanda ankausunga chaka kapena zaka zingapo. Zosiyana zilipo ndithu: meya wa mzinda wa Detroit, Kwame Kilpatrick, anatula pansi udindo mu 2008 mauthenga ake zikwi zambiri atatuluka, chifukwa kampani ya SkyTel, imene mzindawo unkagwiritsa ntchito, inkasunga mawu. Nkhani zotere ndi zimene zimadyetsa chikhulupiriro chija, koma ndi za apo ndi apo.

Kwathu kuno mlandu umene unaphunzitsa anthu za ndandanda ndi wa Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, amene anawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Area 43 mu Lilongwe pa 13 Sepitembala 2013. Mu Julaye 2016 khoti lalikulu linapeza Ralph Kasambara, nduna yakale ya zachilungamo, wolakwa pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha, pamodzi ndi anthu ena awiri, ndipo iye anagamulidwa zaka 13. Mbali yaikulu ya umboni wa boma inali ndandanda wa mafoni wosonyeza kuti oimbidwa mlanduwo ankaimbirana liti ndipo mafoni awo anali dera liti. Taonani: pa mlandu waukulu chotere, boma lili ndi mphamvu zonse zofunsira chilichonse ku kampani, mkangano m'khoti unali pa tanthauzo la manambala ndi maola. Ndandanda umanena kuti mafoni awiri analumikizana. Sunena zimene zinakambidwa, ndipo sunena amene anagwira foniyo m'manja.

Chikhulupiriro china ndi chakuti munthu angathe kupita pa ofesi ya kampani n'kupempha ndandanda wa mkazi wake, mwamuna wake kapena wa amene ali naye ngongole. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi kulumikizana kwa pa lamya kwa mtundu uliwonse, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linawonjezera mphamvu pamenepo. Lamuloli limakupatsani ufulu wopempha zimene kampani ikusunga zokhudza inuyo, osati za mnzanu, ngakhale munalipira lobola. Za munthu wina zimatuluka kudzera ku khoti. Pa mlandu waupandu, apolisi amatenga chikalata kwa majisitireti n'kukachipereka ku kampani, ndipo mlandu ukafika pozengedwa wogwira ntchito ku kampaniyo angaitanidwe kudzafotokoza mizere ija. Pa mlandu wa pakati pa anthu, loya ndiye amapempha khoti kuti lilamule. Amene akukulonjezani pa msika kuti ali ndi mbale wake "wam'kati" wotulutsa mameseji pa mtengo wakuti, mwina akukuberani, mwina akukukokerani mu mlandu.

Za makina a MACRA otchedwa CIRMS, amene anthu anawapatsa dzina loti makina aukazitape, ndingonena mwachidule. Anthu anakasuma poopa kuti boma lizimvetsera mafoni, khoti lalikulu linawaimitsa, koma mu 2014 khoti la apilo linaloleza MACRA kuwagwiritsa ntchito. MACRA inkanena kuti imafuna ndandanda poyeza ubwino wa netiweki ndi ndalama zimene makampani amapeza. Mantha a anthu sanali opanda pake, poti ndandanda wokha umaulula zambiri za moyo wa munthu, koma makinawa si malo okatolako uthenga wanu wa chaka chatha.

Tsopano tiyerekeze nkhani, kuti tione pamene ndandanda umathandiza ndi pamene umalekezera. Mayi wina wa ku Kaporo wapereka matumba 40 a kilombero kwa wamalonda amene walipira theka, n'kulonjeza pa SMS kuti zotsala adzapereka mwezi ukatha. Mwezi watha, bambo uja akukana kuti sanalembe chilichonse. Foni ya mayiyo inagwera m'madzi a m'munda. Khoti litalamula, kampani yatulutsa pepala, ndipo pa tsiku limene mayi akunena pali mizere iwiri yotsatizana, nthawi ya 7:42 madzulo, yochokera pa nambala ya bamboyo. Mizere iwiri sikutanthauza kuti analemba kawiri. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, ndipo ukapitirira umadulidwa zigawo zimene zimawerengedwa padera, ngakhale pa foni umaoneka ngati umodzi. Mukakhala chilembo ngati ŵ, chimene anthu olemba Chitumbuka amachikonda, malire amatsika kufika pa zilembo 70.

Pepalali lagwetsa bodza limodzi, lakuti bamboyo sanalembe kanthu. Koma iye angathe kunena kuti ankangopereka moni wa maliro, ndipo pepala silingamutsutse. Mawu enieniwo anali malo awiri okha, mu foni ya mayi ndi mu foni ya bambo. Mayiyo akanakhala kuti anajambula uthengawo n'kutumizira mwana wake ku Mzuzu tsiku lomwelo, chithunzicho ndi ndandanda zikanalimbitsana: tsiku, ola ndi nambala zikugwirizana. Chithunzi pachokha n'chofooka, chifukwa munthu angathe kusunga nambala yake ina ndi dzina la mdani wake n'kudzilembera yekha. N'chifukwa chake pojambula muzionetsa nambala, osati dzina lokha, ndipo chithunzi chimene chilibe mzere wake pa ndandanda chimakayikitsa. Nthawi zina akatswiri amatha kuvuula uthenga wofufutidwa mu foni momwemo, koma foni ikapitiriza kugwiritsidwa ntchito malo aja amalembedwapo zina.

Akanakhala kuti ankalemberana pa WhatsApp, pepala la kampani likanakhala losauka kuposa apa. Kuyambira mu 2016 mauthenga a WhatsApp amakhomedwa pa foni ya wotumiza n'kukatsekulidwa pa foni ya wolandira. Airtel kapena TNM amangoona kuti bando ikudyeka, osaona n'komwe nambala imene mukucheza nayo.

Pali mauthenga amtundu umodzi amene kuwataya sikupweteka kwenikweni: otsimikizira kuti ndalama zalowa kapena zatuluka pa Airtel Money kapena Mpamba. Amenewa amalembedwa ndi makina a kampani kuchokera mu kaundula wa ndalama, momwe muli wotumiza, wolandira, kuchuluka kwa ndalama, nthawi ndi nambala ya malondawo. Theka limene bambo uja analipira, ngati linadzera pamenepo, lidzaoneka pa sitetimenti. Kaundula yemweyo ndiye amagwira akuba otumiza uthenga wabodza wofanana ndi wa kampani kenako n'kuimba kuti atumiza ndalama molakwitsa: mukaona balansi, palibe chalowa.

Karonga ali ndi vuto lakelake, malire. Ku Songwe ndi ku Iponga foni imatha kugwira nsanja ya ku Tanzania mwini wake asanawoloke mtsinje, choncho mzere wosonyeza netiweki yakunja si umboni wakuti munthu anali ku Kasumulu. Ngakhale nsanja ya kwathu imangoloza dera, ndipo kumidzi dera la nsanja imodzi limatha kukhala makilomita ambiri. Komanso amalonda ambiri amayenda ndi simukhadi ziwiri. Kalembera wa simukhadi amene anakhwimitsidwa mu 2018 amamanga nambala za ku Malawi ku chiphaso cha munthu, koma wamalonda uja akanalemba ndi simukhadi ya Vodacom yogula ku Kyela, pepala la kuno likanangoonetsa nambala yoyamba ndi +255. Dzina la mwini wake ndi ndandanda wake wonse zili ku kampani ya ku Tanzania, kumene chikalata cha majisitireti wa ku Karonga sichilamula, ndipo kuti zipezeke pamafunika apolisi a maiko awiriwa kupemphana.